Kufufuza makadi akale masewero asanayambe

Kufufuza makadi akale ndi ntchito yomwe osewera amachita asanayambe masewero a ndalama kapena a mpikisano, pofuna kutsimikiza zinthu ziwiri: kuti makadi onse alipo, lililonse kamodzi kokha, komanso kuti palibe khadi lomwe munthu angalizindikire poliona kumsana. Zinthu ziwirizi n'zosiyana ndipo zimafufuzidwa mosiyana. Choyamba chimaoneka makadi akayang'ana kumwamba, chachiwiri chimaoneka akavundikiridwa. Osewera ambiri amangowerenga makadi, akakwana 52 n'kuyamba kugawa, koma kuwerenga kokha sikuyankha ngakhale funso loyambalo mokwanira.

Nkhani ino ikufotokoza za makadi wamba omwe amagulitsidwa m'magolosale ndi m'misika ya ku Malawi, ndipo zitsanzo zake zatengedwa pa kaseweredwe ka pa boma la Mzimba ndi madera a kummwera kwa bomali monga Jenda, Embangweni ndi Edingeni.

## Zomwe zimakhala m'paketi yokwana

Paketi yokwana imakhala ndi makadi 52 a magulu anayi: mitima (ena amati mahati), madayamondi, masipedi ndi makalabu (ena amati mafulawa). Mitima ndi madayamondi ndi ofiira, masipedi ndi makalabu ndi akuda, choncho ofiira amakhala 26 ndipo akuda 26. Gulu lililonse lili ndi makadi 13: eyisi (A), manambala kuyambira 2 mpaka 10, kenako jeki (J), kwini (Q) ndi kingi (K). Mapaketi ambiri amabweranso ndi majoka awiri, zomwe zimafikitsa chiwerengero pa 54. Osewera ayenera kugwirizana poyambirira ngati majoka alowa kapena ayi, chifukwa paketi ya makadi 52 ikhoza kukhala yokwana popanda majoka, kapena yoperewera makadi awiri koma majoka ali momwemo.

Khadi limodzi ndi lopyapyala kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.3, ndipo paketi yonse kukhuthala kwake kumangopitirira pang'ono sentimita imodzi ndi theka. Ichi ndi chifukwa chake munthu sangadziwe kuti khadi limodzi lasowa pongoona kapena kugwira mulu wa makadi. Makadi akale amafufumanso chifukwa cha thukuta ndi chinyezi, moti mulu wa makadi 50 akale umatha kuoneka wokhuthala kuposa wa makadi 52 atsopano.

Kukula kwa makadi nakonso kuli mitundu iwiri yodziwika. Ena ndi otambalala, pafupifupi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ena ndi opanikizika, pafupifupi mamilimita 57 m'lifupi koma m'litali ofanana ndi anzawo. Makadi a mitundu iwiriyi sangasakanikirane osaoneka. Vuto limabwera pa mapaketi awiri a kampani imodzi, a msana wofanana, omwe akhala akusungidwa malo amodzi.

## Chifukwa chake makadi amakalamba msanga ku Mzimba

Ku Mzimba makadi saseweredwa pa tebulo la nsalu yofewa. Amaseweredwa pa khonde la golosale, pa benchi, pa mphasa, pa katoni yoyala pansi, ndipo paketi imodzi imatumikira kwa miyezi yambiri. Nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, makadi a pepala amamwa chinyezi n'kupindika ngati chiwaya chaching'ono. Nyengo ya chilimwe fumbi limalowa pakati pawo n'kumakanda kumsana. Khadi lomwe limakhala pamwamba pa mulu nthawi zonse limasuluka ndi dzuwa kuposa anzake. Zonsezi zimachitika popanda wina kufuna kubera, komabe mapeto ake ndi amodzi: makadi ena amayamba kukhala ndi nkhope kumsana.

Pamalo a malonda ngati Jenda, pa msewu wa M1 kufupi ndi malire a Zambia, osewera amatha kukhala anthu omwe sanaonanepo, ndipo makadi amakhala a mmodzi mwa iwo kapena a mwini malo. Apa m'pomwe kufufuza kumafunika kwambiri. Mwini makadi, ngakhale akhale wachilungamo, wawagwira kambirimbiri ndipo maso ake anazolowera kale kuti khadi la ngodya yothyoka lija ndi joka. Mlendo sadziwa. Mpata umenewu wokha ndi wokwanira kusintha masewero a madzulo onse.

## Kufufuza kumaso: makadi onse alipo?

Kuwerenga n'koyamba, ndipo kumachitika pang'onopang'ono, khadi limodzilimodzi, likugwera pa tebulo kuti onse amve ndi kuona. Makadi akale amakonda kumatirirana awiriawiri chifukwa cha thukuta kapena zakumwa zotayikira, choncho chiwerengero chikaperewera ndi limodzi, ndi bwino kuwerenganso musanaganize kuti lasowa.

Chiwerengero chikakwana, makadi amatembenuzidwa n'kugawidwa m'milu inayi motsatira magulu, ndipo mulu uliwonse uyenera kukhala ndi makadi 13. Koma pamenepanso sipothera. Mulu wa madayamondi ukhoza kukhala ndi makadi 13 pamene muli ma 7 awiri ndipo 8 mulibe. Njira yokhayo yodalirika ndi kuyala gulu lililonse mu mzere, kuyambira A mpaka K, mizere inayi pansi pa inzake, kuti ma 2 onse anayi akhale pamodzi, ma 3 onse anayi pamodzi, mpaka kumapeto. Akayalidwa motero, mpata umaonekera wokha ndipo khadi lobwerezedwa limasowa pokhala. Ntchitoyi imatenga mphindi zitatu kapena zinayi basi.

Ena amakonda njira ya masamu. Eyisi ikakhala 1, jeki 11, kwini 12 ndi kingi 13, gulu lililonse limaphatikizana kukhala 91, ndipo paketi yonse 364. Njirayi ndi yosangalatsa kwa ophunzira, koma ndi yofooka poyerekeza ndi kuyala. Ngati 5 ndi 9 zasowa, m'malo mwake mwalowa 6 ndi 8 zowonjezera, chiwerengero chimakhalabe 91 ndipo cholakwikacho chimabisala.

Kusowa kwa khadi limodzi kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma kumadalira masewero ake. Pa masewero omwe makadi onse 52 amagawidwa kwa anthu anayi, aliyense amayenera kulandira 13, ndipo kuperewera kumadziwika nthawi yomweyo. N'chifukwa chake malamulo a mipikisano ya masewero a buliji amalamula wosewera aliyense kuwerenga makadi ake ali chovundikira asanawaone. Koma pa masewero ofala ku Malawi monga omwe ambiri amawatcha noko, pomwe aliyense amalandira makadi ochepa ndipo otsala amakhala mulu pakati, khadi likhoza kusowa tsiku lonse popanda wozindikira. Yemwe akudziwa khadi losowalo amasewera ndi chidziwitso chomwe anzake alibe. Mwachitsanzo, mwayi woti khadi lotsatira likhale eyisi ndi 4 pa 52, pafupifupi 7.7 pa 100 alionse. Eyisi imodzi ikasowa, mwayiwo umatsika kufika pa 3 pa 51, pafupifupi 5.9 pa 100. Ndipo ngati khadilo silinatayike koma lili pansi pa ntchafu ya munthu, likhoza kubwerera m'masewero pa nthawi yomwe mwini wake akulifuna.

## Kufufuza kumsana: pali khadi lodziwika?

Gawo ili ndi lomwe limafuna nthawi yambiri, ndipo limafuna kuwala. Masana, khomo la nyumba kapena panja pamthunzi m'pokwanira. Madzulo, nyali ya sola kapena tochi ya foni imathandiza, makamaka ikaikidwa chapambali osati pamwamba.

Choyamba ndi kuyang'ana m'mbali mwa mulu. Makadi amalinganizidwa bwino pomenyetsa pa tebulo, kenako munthu amayang'ana mbali zonse zinayi. Mulu wa makadi okalamba limodzi umakhala ndi mtundu umodzi wa litsiro. Mzere woyera pakati pa makadi akuda ndi chizindikiro cha khadi latsopano lomwe lalowetsedwa, kapena la khadi lomwe m'mphepete mwake mwapalidwa ndi sandipepala. Kadzenje kakang'ono m'mphepete ndi ntchito ya chikhadabo. Mpata pakati pa makadi awiri, pomwe muluwo sukufuna kutsekeka, umasonyeza khadi lopindidwa. Khadi lopindidwa limagwira ntchito ziwiri: limaoneka likagona pa tebulo chifukwa limatukuka pang'ono, komanso limakopa chala cha munthu wodula makadi kuti adule pomwepo.

Chachiwiri ndi kuthamangitsa makadi. Munthu amagwira mulu chovundikira ndi dzanja limodzi, n'kupinda kumapeto kwake ndi chala chachikulu cha dzanja lina, n'kumawamasula mofulumira akuyang'anitsitsa chithunzi cha kumsana. Zimafanana ndi zomwe ana asukulu amachita akajambula kamunthu pa ngodya za masamba a kope, n'kuthamangitsa masambawo kuti kamunthuko kaoneke kakuyenda. Ngati misana yonse ndi yofanana, chithunzicho chimaoneka choima malo amodzi. Ngati wina wadetsa kadontho koyera ndi bolopeni, kapena wapala kamzere ndi lezala, malo amenewo amaoneka akuphethira kapena kudumpha. Diso la munthu limalephera kuona kusiyana kwakung'ono pa zithunzi ziwiri zogona pambali, koma limagwira msanga chinthu chomwe chikuyenda, ndipo njirayi imadalira pamenepo. Zizindikiro zimaikidwa kawirikawiri kufupi ndi ngodya, chifukwa ndi malo omwe amaoneka makadi akakhala m'manja mwa mnzako, ndipo zimaikidwa ku mapeto onse awiri kuti zioneke ngakhale khadi litazondoka. Choncho ndi bwino kuthamangitsa kangapo, maso ali pa ngodya imodzi ulendo uliwonse, kenako kutembenuza mulu n'kubwereza.

Njirayi ili ndi malire ake. Makadi otchipa amadulidwa mosasamala ku fakitale, moti chithunzi chonse chimagwedezeka uku ndi uku powathamangitsa. Kugwedezeka kwa chithunzi chonse si umboni woti munthu waika chizindikiro. Chomwe chimafunidwa ndi kachigawo kamodzi komwe kakusintha pamene zina zonse zili chiimire. Komanso njirayi siona zizindikiro zomwe zimamveka ndi chala.

Chachitatu ndi kupendeketsa makadi pa kuwala. Kumsana kwa khadi kumakhala konyezimira, ndipo chilichonse chomwe chapakidwa kapena kupalidwa chimasintha kunyezimirako. Inki ya bolopeni imawala mosiyana ndi inki ya ku fakitale. Malo opalidwa amaoneka ozimirira. Phulusa la fodya, mafuta kapena utoto wa milomo zopakidwa ndi chala zimasiya kachigamba kosawala. Palinso zizindikiro zina zopakidwa mopepuka kwambiri pa dera lalikulu la khadi, zomwe sizioneka pafupi koma zimaoneka munthu akaima patali pang'ono n'kutsinzina maso. Pa chifukwa ichi makadi amayalidwa onse chovundikira, ndipo wofufuza amabwerera m'mbuyo masitepe awiri kapena atatu n'kuyang'ana ngati pali lina lomwe likuoneka lakuda kapena loyera kuposa anzake.

Chachinayi ndi kugwira. Nsonga ya singano kapena ya msomali ikabayidwa mopepuka kuchokera kumaso kwa khadi, imasiya kachiphuphu kumsana komwe wogawa makadi amakamva ndi chala chachikulu. Kachiphuphu kotere kamapezeka poyendetsa nsonga ya chala pa khadi lililonse, makamaka pa ngodya. Kugwira kumaululanso makadi odulidwa. Pali makadi omwe amasengedwa m'mbali kuti mapeto ena akhale opanikizika pang'ono kuposa ena. Onse akayang'ana mbali imodzi, mulu umaoneka wabwinobwino, koma khadi lozondotsedwa limatulukira pang'ono ndipo limatha kusololedwa ndi zala. Poyesa, munthu amagawa mulu pakati, kuzondotsa theka limodzi kuti kumutu kukhale kumiyendo, kusakaniza, kulinganiza, n'kuyendetsa chala chachikulu ndi cha mkombaphala m'mbali zazitali za muluwo. Makadi abwino amakhala osalala. Odulidwa amakodwa m'zala n'kutuluka gulu.

## Misana yosafanana kumutu ndi kumiyendo

Pali paketi yomwe ilibe chizindikiro chilichonse choikidwa ndi munthu, koma ndi yoopsa chimodzimodzi. Makadi ena, makamaka otsatsa malonda, amakhala ndi chithunzi kapena mawu kumsana omwe ali ndi kumwamba ndi kunsi. Munthu akayang'anitsa makadi onse mbali imodzi n'kuzondotsa majoka ndi maeyisi okha, wawalemba kale popanda bolopeni. Ngakhale makadi omwe chithunzi chake chimaoneka chofanana mbali zonse amatha kukhala ndi mkombero wokulirapo mbali imodzi chifukwa cha kadulidwe ka ku fakitale.

Nkhani yodziwika kwambiri pa zimenezi inachitika ku London mu Ogasiti 2012. Wosewera wotchuka wa ku Amerika, Phil Ivey, pamodzi ndi mnzake Cheung Yin Sun, anasewera masewero a bakara pa nyumba ya njuga ya Crockfords. Iwo anazindikira kuti zithunzi za m'mphepete mwa makadiwo sizinali zofanana ndendende mbali ziwiri zazitali. Ananyengerera wogawa makadi kuti azitembenuza makadi ena, ponamizira kuti zimawabweretsera mwayi, ndipo anapempha kuti makadi omwewo agwiritsidwenso ntchito ndi kusakanizidwa ndi makina, omwe sazondotsa makadi. Mapeto ake makadi a mphamvu pa masewerowo, ma 7, ma 8 ndi ma 9, anayang'ana mbali yosiyana ndi anzawo. Ivey anapambana mapaundi pafupifupi 7.7 miliyoni asanakhudze khadi ndi limodzi lomwe. Nyumbayo inakana kulipira, ndipo mu Okutobala 2017 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti zomwe anachitazo kunali kubera.

Mankhwala a vutoli ndi osavuta: posakaniza, wogawa azizondotsa theka la mulu asanaphatikize. Akatero kawiri kapena katatu, dongosolo lililonse lomwe munthu anakonza limasokonekera. Komabe pa masewero a ndalama, makadi a chithunzi chokhala ndi kumwamba ndi kunsi ndi oyenera kungowasiya.

## Kusiyanitsa ukalamba ndi chinyengo

Paketi yakale iliyonse imakhala ndi zilema, choncho kupeza khadi lokandika si umboni woti wina ndi wakuba. Funso lenileni ndi lakuti: kodi zilemazo zagwera makadi ati? Njira yoyankhira ndi iyi. Wofufuza amapatula makadi onse omwe akuwakayikira ali chovundikira, osayang'ana kumaso kwake, ndipo akamaliza m'pomwe amawatembenuza onse pamodzi. Dongosololi n'lofunika. Munthu akayamba waona kuti khadi ndi eyisi, maso ake amapeza chilema chifukwa akuchifuna.

Tiyerekeze kuti anthu anayi akumana pa Jenda tsiku la msika kuti asewere noko ndi makadi 54 a mwini malo. Mmodzi akuwerenga n'kupeza 54. Akugawa m'magulu n'kupeza mitima 13, madayamondi 13, masipedi 14, makalabu 12 ndi majoka awiri. Chiwerengero chonse chinakwana, koma magulu akuda sakugwirizana. Atayala mizere, zikuoneka kuti 4 ya masipedi ilipo kawiri ndipo jeki wa makalabu palibe. Atavundikira ma 4 awiriwo, imodzi ili ndi msana wowala kuposa inzake: inachokera m'paketi ina yofanana, ndipo mwina wina anangoilowetsa kuti chiwerengero chikwane jeki atatayika. Pamenepa paketiyi yalephera kale, koma osewerawo akupitiriza kuti adziwe zonse.

Akuyala makadi chovundikira n'kupatula asanu ndi limodzi omwe ali ndi kadzenje ka chikhadabo m'mphepete. Powatembenuza pali njira ziwiri zomwe nkhaniyi ingathere. Ngati atuluka makadi ngati 3, 9, kwini, 6, 10 ndi eyisi imodzi, zilemazo zamwazikana mwachisawawa ndipo ndi ukalamba chabe. Koma ngati mwa asanu ndi limodziwo muli maeyisi onse anayi, masamu amakana kuti zangochitika. Pa paketi ya makadi 52, mwayi woti makadi 6 otengedwa mwachisawawa akhale ndi maeyisi onse anayi ndi pafupifupi 1 pa 18,000. Akanakhala makadi anayi okha, onse n'kukhala maeyisi, mwayi wake ndi 1 pa 270,725. Pa paketi ya makadi 54, makadi awiri okha a chilema kupezeka kuti onse ndi majoka ndi mwayi wa 1 pa 1,431. Malo a chilema amanenanso zambiri. Ukalamba umagwera paliponse, pamene chizindikiro choikidwa dala chimakhala pa malo ofanana pa khadi lililonse la mtundu umodzi, ndipo nthawi zambiri chimabwerezedwa kumutu ndi kumiyendo.

Apa pakufunika chenjezo limodzi lomwe anthu okonda masamu amaiwala. Makadi a mphamvu sagwiridwa mofanana ndi anzawo. Joka kapena eyisi imasungidwa m'manja nthawi yaitali kudikira mphindi yabwino, imafinyidwa ndi zala za thukuta, ndipo ikamatsika imamenyetsedwa pa tebulo mwamphamvu kuti onse amve. Pakatha miyezi, makadi amenewa amapindika ndi kuda kuposa 4 kapena 6 popanda aliyense kufuna. Choncho majoka awiri opindika si chifukwa chokwanira chomutchulira munthu kuti ndi wakuba, ndipo mikangano yambiri ya pa njuga imayambira pa kuthamangira mawu amenewa. Chomwe osewera ayenera kugamula ndi nkhani ya makadi, osati ya mtima wa mwini wake. Ngati munthu angaloze joka ali chovundikira, paketiyo siyenera kusewera ndalama, kaya chilemacho chinabwera ndi chikhadabo kapena ndi nthawi.

Pali kayesedwe komaliza komwe kamathetsa kukayika. Makadi amasakanizidwa n'kuyalidwa chovundikira, ndipo wosewera yemwe akuti akutha kuzindikira khadi lina amauzidwa kuti aliloze. Akaloza molondola kawiri kapena katatu motsatizana, nkhani yatha.

## Kulowetsa khadi lina m'malo mwa losowa

Chizolowezi chofala ndi kutenga joka n'kulembapo ndi bolopeni dzina la khadi lomwe lasowa, kapena kubwereka khadi m'paketi ina. Pa masewero a pakhomo ndi ana palibe vuto. Pa masewero a ndalama njirayi imangosintha vuto la kusowa kukhala vuto la chizindikiro. Joka yemwe wakhala m'bokosi pamene anzake akuseweredwa amakhala woyera ndi wolimba, ndipo amaoneka ngati mzere woyera m'mbali mwa mulu. Bolopeni ikadindidwa mwamphamvu imatulukiranso kumsana. Khadi lochokera m'paketi ina silikhala ndi mtundu wofanana ndendende, ngakhale litapangidwa ndi kampani yomweyo.

Kugula paketi yatsopano ndiye njira yabwino, koma nayo imafufuzidwa. Pulasitiki yokutira bokosi imatha kutsegulidwa kunsi n'kumatidwanso, ndipo fakitale imalakwitsa nthawi zina. Ubwino wa makadi atsopano ndi wakuti amabwera ali kale m'dongosolo la magulu, choncho kuwayendera kumaso ndi nkhani ya masekondi ochepa. Ndi bwino kuti paketiyo igulidwe osewera onse akuona, m'golosale yomwe sanasankhe munthu mmodzi yekha.

Nyumba zikuluzikulu za njuga zimachita zomwezi mwa dongosolo. Wogawa amayala paketi yatsopano choyang'ana kumwamba, kenako chovundikira, osewera akuona. Makadi amasinthidwa pafupipafupi, ndipo omwe atha ntchito amabooledwa pakati kapena kudulidwa ngodya asanagulitsidwe kwa anthu, kuti asabwererenso pa tebulo. Ku Malawi malo otere amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, motsatira lamulo la njuga la mu 2022. Masewero a ndalama a pa khonde la golosale sali pansi pa chitetezo chimenechi, ndipo woberedwa pamenepo alibe ofesi yokadandaulako.

Njira zoikira zizindikiro zomwe zatchulidwa pamwambazi si zatsopano. Zambiri mwa izo zinafotokozedwa kale ndi John Nevil Maskelyne wa ku England m'buku lake la mu 1894 lotchedwa Sharps and Flats, lomwe analemba pofuna kuulula zochita za akuba a pa njuga.

## Yemwe amafufuza, ndi nthawi yake

Mwini makadi sayenera kukhala wofufuza. Ntchitoyi imapatsidwa kwa wosewera wina, ndipo aliyense wofuna kubwereza amaloledwa. Imachitika ndalama zisanaikidwe pansi. Chifukwa chake ndi cha ulemu: kupempha kuwerenga makadi poyambirira ndi mwambo chabe, koma kupempha zomwezo munthu atangoluza kumamveka ngati kuneneza, makamaka ngati wopemphayo ndi wachinyamata ndipo wopambanayo ndi bambo wachikulire. Magulu omwe amasewera limodzi kawirikawiri amapewa vutoli popanga kufufuza kukhala lamulo la tsiku lililonse, kaya makadi ndi a ndani.

Kufufuza kwa poyamba sikuteteza masewero onse, popeza chikhadabo ndi phulusa zimagwira ntchito masewero ali mkati. Pa masewero aatali makadi amawerengedwanso pakapita nthawi, komanso nthawi iliyonse wosewera akanyamuka kapena wina watsopano akalowa. Ngati pali mapaketi awiri osinthanasinthana, amayenera kukhala a misana yosiyana mtundu, ina yofiira ina yabuluu, kuti khadi la paketi ina likalowa mwa inzake lioneke pomwepo.

Osewera amayeneranso kugwirizana poyambirira chomwe adzachite cholakwika chikapezeka pakati pa masewero. Malamulo omwe amatsatidwa m'malo ambiri osewerera poka, monga omwe anasonkhanitsa Bob Ciaffone m'buku la Robert's Rules of Poker, amasiyanitsa milandu iwiri. Pakapezeka makadi awiri ofanana nambala ndi gulu, chigawo chomwe chikuseweredwacho chimathetsedwa ndipo aliyense amabwezeredwa ndalama zomwe anaika. Koma kusowa kwa khadi pakokha sikuthetsa zotsatira za chigawocho. Osewera noko akhoza kutengera lamuloli kapena kupanga lawo, malinga akambirane makadi asanagawidwe: chigawo chomwe chili mkati chithe kapena chipitirire, ndipo ndalama za zigawo zomwe zinatha kale zikhale momwe zilili kapena zibwezedwe.